Nambala ya pachikuto isakusankhireni buku la Chingerezi

Funso: Ndinakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki ku Limbe. Makalata a kuntchito ndimalemba, nyuzipepala ndimaimva ndithu, koma buku la nthano la Chingerezi limandigonjetsa tsamba lachitatu lisanathe. Mnzanga anandiuza za mabuku ophunzirira chinenero osanjidwa m'masitepe, ndiye ndinagula limodzi lolembedwa Level 6 poganiza kuti ndilo loyenera munthu wofuna kufika patali. Mwezi watha ndili pa mutu wachiwiri, dikishonale ili pambali. Kodi ndisankhe bwanji mabuku amenewa kuti ndichoke pakatipa ndifike podziwa Chingerezi mozama?

Yankho:

Buku mwagulalo musalitaye, koma liikeni kaye pashelefu. Pakali pano likukuposani, ndipo umboni wake ndi dikishonale ili pambaliyo. Mabuku a masitepewa analembedwa kuti munthu awawerenge mothamanga, ambiri, osaimaima. Ngati tsamba lililonse likukutumani kukafufuza mawu kasanu kapena kakhumi, ndiye kuti mukuchita ntchito ina, yomasulira, yomwe ili ndi phindu lake koma siikulitsa liwiro ndi kumva kumene mukufunako.

Choyamba kudziwa n'chakuti nambala ya pachikuto si muyeso umodzi wa dziko lonse. Kampani iliyonse yosindikiza ili ndi makwerero ake. Mabuku a Oxford Bookworms amayamba ndi mawu 250, ndipo sitepe 3 ili ndi mawu 1,000, sitepe 4 ili ndi 1,400, sitepe 5 ili ndi 1,800, pomwe sitepe 6 imathera pa 2,500. Mabuku akale a Penguin Readers, omwe tsopano amatuluka ndi dzina la Pearson English Readers, sitepe 4 yawo ili ndi mawu 1,700 ndipo sitepe 6 ili ndi 3,000. A Cambridge English Readers amakwera kuposa pamenepo: sitepe 4 ndi mawu 1,900, sitepe 5 ndi 2,800, sitepe 6 ndi 3,800. Onani tsono kuti sitepe 5 ya Cambridge ndi yolimba kuposa sitepe 6 ya Oxford. Munthu amene wamaliza bwinobwino sitepe 4 ya Oxford n'kutola sitepe 5 ya Cambridge poganiza kuti wakwera kamodzi, mawu awonjezeka kuchoka pa 1,400 kufika pa 2,800, ndipo akalephera amadziona ngati wofooka pomwe vuto ndi la nambala. A Macmillan Readers nawo amatchula masitepe awo ndi maina, ndipo sitepe yawo yapamwamba, Upper Intermediate, ili ndi mawu pafupifupi 2,200.

Choncho mukagwira buku, litembenuzeni. Kuchikuto cha kumbuyo kapena tsamba loyamba la mkati mupeza nambala yotsatana ndi liwu lakuti headwords. Nambala imeneyo ndiyo kuchuluka kwa mawu amene wolemba analoledwa kugwiritsa ntchito, ndipo ndi yokhayo mungayerekeze nayo buku la kampani ina ndi la inzake, ngakhale nayonso siyeza ndendende chifukwa makampani sawerengera mawu mofanana. Mabuku ambiri atsopano amaikanso zilembo monga B1, B2 kapena C1, muyeso wa ku Ulaya wa luso la chinenero. Munthu wa pakati ngati inu amakhala cha pa B1, ndipo kumene mukufuna kufika ndi C1. Mukapeza buku lolembedwa kuti lafupikitsidwa koma lopanda nambala ya mawu kapena zilembo zimenezi, chenjerani nalo. Ena amangodula mitu ya buku lalikulu n'kusiya ziganizo zolimba momwe zinalili, ndipo lotero si buku la masitepe ngakhale likhale lopyapyala.

Koma nambalazi zimangokuuzani za buku. Za inu mwini zimadziwika poyesa tsamba, ndipo apa ndipo ndikufuna tikhalitsepo.

Akatswiri ofufuza za kaphunziridwe ka mawu, makamaka a Paul Nation a pa yunivesite ya Victoria ku Wellington m'dziko la New Zealand, anaonetsa kuti munthu amawerenga momasuka popanda thandizo ngati akudziwa mawu pafupifupi 98 pa mawu 100 alionse a patsamba. Ndiye kuti liwu limodzi lachilendo pa mawu 50. Akatsika kufika pa 95, ndiye kuti liwu limodzi pa mawu 20, nkhani amaitsatabe koma movutikira. Kusiyana kwa 98 ndi 95 kumaoneka kochepa mukakulemba, koma patsamba n'kwakukulu. Tsamba la mawu 300 limakhala ndi mawu achilendo 6 pa muyeso woyambawo, ndipo 15 pa wachiwiri. Mawu 15 patsamba ndiye kuti pafupifupi mzere wachiwiri uliwonse mukupunthwa. Ndipo pali china: tanthauzo la liwu lachilendo timalipeza poona mawu olizungulira. Ngati olizungulirawo nawonso ndi achilendo, palibe pogwira, ndipo kuyerekeza kumasanduka kulota.

Kayesedwe kake n'kosavuta, ndipo mungakachite mutaimirira pamalo ogulitsira mabuku. Tsegulani buku chapakati, osati tsamba loyamba, chifukwa loyamba limadzaza ndi maina a anthu ndi malo. Werengani mawu a mzere umodzi, muchulukitse ndi mizere ya patsambalo kuti mudziwe kuchuluka kwa mawu onse. Kenaka werengani tsambalo mwa liwiro lanu la masiku onse, foni ikuyeza nthawi, ndipo liwu lililonse limene simungathe kulifotokoza muike kadontho ka pensulo kapena mupinde chala. Maina a anthu ndi malo musawawerengere. Liwu limene mumaliona kawirikawiri koma simudziwa kwenikweni chimene limatanthauza, liwerengereni monga lachilendo. Anthu ambiri amadzinyenga pamenepa. Mukafika pansi pa tsamba, tsekani buku ndi kudzifotokozera m'Chichewa zimene zachitika. Chitani zimenezi pa masamba awiri kapena atatu osiyana.

Tiyeni tiyerekeze ndi buku lanulo. Tinene kuti ndi la mawu 3,000, tsamba lili ndi mawu 320, mwapeza achilendo 17 ndipo mwatenga mphindi 4. Ndiye kuti mukudziwa mawu osakwana 95 pa 100, ndipo liwiro lanu ndi mawu 80 pa mphindi. Bukulo likuposani pa miyeso yonse iwiri. Mutenge tsono la mawu 1,800. Tinene kuti patsamba la mawu 300 mwapeza achilendo 8 ndipo mwatenga mphindi 3. Mwayandikira, koma mawu 100 pa mphindi ndi liwiro la munthu amene akumasulira chiganizo chilichonse m'mutu asanapite pa chinzake. Mutsikenso pa la mawu 1,400. Achilendo ndi 3, mwatenga mphindi 2, ndipo nkhani mwaifotokoza osakayika. Pamenepo ndi panu. Mawu 150 pa mphindi ndi liwiro loyambira labwino, ndipo cholinga chikhale kufika cha pa 200. Eni chinenero akamawerenga chamumtima amakhala pakati pa 200 ndi 250 kapena kupitirirapo pang'ono.

Ndikudziwa kuti kwa munthu amene anakhoza Chingerezi pa MSCE, kubwerera pa sitepe 4 kapena 3 kumawawa mumtima. Ophunzira anga akuluakulu ambiri amakana poyamba, amati mabukuwo ndi a ana. Koma taganizani mmene tinaphunzirira Chingerezi kusukulu. Tinkapatsidwa ndime imodzi yolimba, n'kuisanthula mawu amodziamodzi kuti tiyankhe mafunso a pansi pake. Mabuku a mayeso tinkawaloweza ndi manotsi. Njira imeneyo imapatsa munthu mawu ambiri amene amawazindikira akaganiza kaye, koma ochepa amene amabwera okha diso likangowagunda. Kuwerenga buku lofewa ndiko kumasandutsa mawu a mtundu woyambawo kukhala a mtundu wachiwiri. Mukamawerenga tsamba limene mawu ake mukuwadziwa kale, ubongo sutanganidwa ndi matanthauzo, ndiye umayamba kuona zina: mawu amene amayendera limodzi, kaperekezi amene amatsata mneni uyu osati uyo, mmene nthawi za aneni zimasinthira nkhani ikabwerera m'mbuyo. Zimenezi ndizo zimasiyanitsa Chingerezi cha pakati ndi chozama, ndipo sizilowa m'mutu poloweza malamulo.

Kuchuluka kwa zowerenga ndi kumene kumagwira ntchito. Liwu latsopano silikhazikika mukakumana nalo kamodzi. Limafuna kukumana nalo kakhumi kapena kuposerapo, m'ziganizo zosiyanasiyana, musanaliiwale. N'chifukwa chake akatswiriwa amalangiza buku limodzi pa sabata, kapena kuposa. Mukamatenga mwezi pa buku limodzi, liwu limene munaliona pa tsamba 10 mumakhala mutaliiwala pofika pa tsamba 40 pamene labweranso. Masamu ake ndi awa. Mabuku a Oxford a sitepe 4 amakhala ndi mawu pafupifupi 16,000 buku lonse. Pa liwiro la mawu 150 pa mphindi, mphindi 20 patsiku zimakupatsani mawu 3,000, ndipo bukulo limatha m'masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Mphindi 20 zimenezo zilipo mu minibasi kapena pa nthawi ya nkhomaliro. Mukapitiriza motero miyezi isanu ndi umodzi mumakhala mutawerenga mawu opitirira 500,000, kuchuluka kumene mwina simunakufike m'zaka zonse za kusekondale.

Musakwere sitepe mukangomaliza buku limodzi. Buku limodzi siligwiritsa ntchito mawu onse a sitepe yake, ndiye pamafunika mabuku asanu kapena kuposa kuti mukumane nawo mokwanira. Chizindikiro chakuti nthawi yokwera yakwana n'chakuti masamba ambiri akutha popanda liwu lachilendo, liwiro lafika cha pa 180, ndipo mwayamba kuiwala kuti mukuwerenga Chingerezi, mukungofuna kudziwa chimene chichitike. Mukakwera, mabuku awiri oyamba adzakuvutani pang'ono ndipo liwiro lidzatsika. Zimenezo n'zoyembekezereka. Koma ngati pa buku lachitatu mukupezabe mawu achilendo oposa 10 patsamba, bwererani pansi kwa milungu ingapo. Dikishonale isakhale pambali nthawi yowerenga. Liwu likakusokonezani, ikani kadontho n'kupitirira. Mukamaliza mutu, fufuzani okhawo amene abwera kangapo kapena amene nkhani yatsamirapo. Mabuku ambiriwa ali ndi kamndandanda ka mawu kumapeto, yambirani pamenepo.

Za mtundu wa nkhani, maganizo anga ndi olimba ndithu. Pa masitepe apamwamba mupeza mabuku a mitundu iwiri: nthano zakale zotchuka za ku Mangalande zimene zafewetsedwa, ndi nkhani zolembedwa mwatsopano ndi cholinga cha ophunzira. Anthu amathamangira zakalezo chifukwa maina ake amamveka, koma kwa munthu wa mu ofesi wofuna Chingerezi cha lero sizikhala zoyambirira kusankha. Ngakhale zitafewetsedwa, zimakhalabe ndi ngolo za akavalo, maudindo a mabwana a nthawi imeneyo ndi miyambo ya cholowa imene muyenera kuimvetsa kaye musanamve nkhani. Komanso buku la masamba 500 likapanikizidwa kukhala la masamba 90, anthu a m'nkhani amachuluka ndipo zochitika zimathamanga, moti mumasokonezeka osati chifukwa cha chinenero koma chifukwa cha kudulako. Mabuku a Cambridge English Readers onse ndi nkhani zolembedwa mwatsopano, zambiri za apolisi ofufuza milandu, za chikondi ndi za moyo wa masiku ano, ndipo makambirano ake ndi ofanana ndi mmene anthu amalankhulira. A Oxford ali ndi gulu la Factfiles, la nkhani zoona za mbiri, sayansi ndi maiko, lomwe limathandiza amene nthano siziwakoka. Alinso ndi mabuku a nkhani zifupizifupi za olemba a mu Afirika muno, ndipo limodzi la sitepe 2, Changing their Skies, muli nkhani ya malemu Steve Chimombo. Nkhani ikamachitikira kumalo amene mukuwadziwa, mumatha kuwerenga sitepe yokwererapo pang'ono, chifukwa zimene mukudziwa kale zimadzaza mipata imene mawu asiya. Ndipo buku likakutopetsani pofika tsamba 15, lisiyeni mutenge lina. Palibe mayeso pamapeto pake, ndipo buku losakoma ndilo limapha chizolowezi chowerenga.

Tsopano chinthu chimene ogulitsa mabukuwa sanena kawirikawiri. Makwerero amenewa safika padenga. Sitepe yomaliza imathera pa mawu 2,200 mpaka 3,800, koma kafukufuku wa a Nation wa mu 2006 anapeza kuti kuwerenga buku la nthano kapena nyuzipepala yolembera eni chinenero, pa muyeso uja wa 98 pa 100, kumafuna mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000. Banja la mawu ndi liwu limodzi pamodzi ndi mawu onse ophukira pa ilo. Pakati pa 3,000 ndi 8,000 pali chigwa chachikulu, ndipo ambiri amagwera m'menemo: amamaliza sitepe 6 mosangalala, n'kutsegula buku la eni chinenero, n'kupezamo mawu achilendo 20 patsamba, n'kuganiza kuti miyezi yonse ija inapita pachabe. Sinapite pachabe. Mawu 3,000 oyambawo ndi amene amadzaza gawo lalikulu la tsamba lililonse la Chingerezi, ndipo tsopano mukuwawerenga mosaganizira. Otsalawo ndi mawu amene amabwera mwa apo ndi apo, ndipo amafuna njira ina.

Njira yoyamba ndi mabuku amene a Nation ndi anzawo anakonzera chigwa chimenechi. Amatchedwa Mid-frequency readers, ndipo buku lililonse analikonza m'masitepe atatu, a mawu 4,000, 6,000 ndi 8,000. Amapezeka mwaulere pa tsamba la a Nation la pa yunivesite ija, mungawatsitse pafoni. Ambiri ndi mabuku akale, choncho chenjezo lija la ngolo za akavalo likugwiranso ntchito, koma kwa munthu amene wamaliza sitepe 6 sizivutanso kwambiri. Pa tsamba lomwelo palinso mayeso otchedwa Vocabulary Size Test, oyeza kuchuluka kwa mabanja a mawu amene mukudziwa. Alembeni musanayambe, mudzalembenso pakatha chaka.

Njira yachiwiri ndi mabuku olembera achinyamata a eni chinenero, a zaka 12 mpaka 16. Sanasanjidwe m'masitepe, koma ziganizo zake n'zazifupi ndipo nkhani imayenda molunjika. Chitsanzo chapafupi ndi buku la William Kamkwamba wa ku Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe lili ndi mtundu wake wolembera achinyamata. Njala ya 2002, sukulu ya kumudzi ndi dayinamo ya njinga mukuzidziwa kale, ndiye mphamvu zanu zonse zipita ku chinenero. Ena mwa ife tinakulira mabuku a Pacesetters a kampani ya Macmillan, olembedwa ndi olemba a mu Afirika. Mukawapeza m'malaibulale kapena kwa ogulitsa mabuku akale, amagwira ntchito yomweyi.

Njira yachitatu ndi kuwerenga mopanikiza malo amodzi. Sankhani wolemba mmodzi muwerenge mabuku ake atatu motsatizana, kapena mutu umodzi, monga nkhani za chuma mu The Nation kapena The Daily Times, muutsate tsiku ndi tsiku kwa mwezi. Wolemba aliyense ali ndi mawu amene amawakonda, mutu uliwonse uli ndi mawu ake, ndiye mawu osowa aja amayamba kubwerezeka pafupipafupi monga ankachitira m'mabuku a masitepe. Buku loyamba la wolemba limavuta, lachiwiri limapepuka. Pa msinkhu umenewu ndipo kulemba mawu kumayamba kupindulitsa kwambiri, chifukwa liwu mukhoza kulionanso patapita milungu. Lembani liwu mbali imodzi ya kapepala, kuseri kwake chiganizo chonse chimene munalipezamo ndi tanthauzo lake, ndipo muzibwereza timapepalato pakapita tsiku, kenaka masiku atatu, kenaka sabata. Mawu 10 pa tsiku ndi okwanira. Ngati mukuganiza zobwerera ku koleji, onjezani mndandanda wa Academic Word List wa a Averil Coxhead, wa mabanja a mawu 570 amene amapezeka kwambiri m'mabuku a maphunziro apamwamba.

Kuwerenga kokha sikudzamasula lilime lanu. Munthu akhoza kudziwa liwu ndi maso zaka zambiri osadziwa katchulidwe kake, poti kalembedwe ka Chingerezi sikatsata kamvekedwe monga kathu. Mabuku ambiri a masitepe ali ndi mawu ojambulidwa a munthu akuwerenga nkhaniyo. Mukawapeza, werengani kaye mutu chamumtima, kenaka muumvetsere maso ali patsamba, kenaka mutseke buku muumvetserenso. Kamodzi pa sabata fotokozerani mnzanu uja nkhani ya buku mwamalizalo m'Chingerezi kwa mphindi zitatu, kapena mulembe ndime imodzi yonena zimene zachitika ndi zimene mwaganiza. Pamenepo mudzaona mawu amene mumawamva koma sakubwera pakamwa, ndipo amenewo ndiwo oyenera kulowa pa timapepala tija.

Buku pa sabata likhoza kukhala ndalama zambiri, choncho musaganize zogula onse. Yambani mwafunsa ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi, ndipo mukafufuze ku mashelefu a achinyamata, chifukwa mabuku opyapyalawa kawirikawiri amaikidwa kumeneko. Mukapeza anzanu anayi a msinkhu wofanana, aliyense mwa inu asanu agule mabuku awiri a sitepe imodzi ndi kumasinthana, mwapeza zowerenga za milungu khumi. Pa ulendo woyamba wokasankha, tengani pensulo ndi foni, muyese mabuku atatu a pakati pa mawu 1,000 ndi 1,800, ndipo mubwerere ndi limene lakupatsani mawu achilendo osaposa 6 patsamba. Lija la Level 6 muliyesenso ndi njira yomweyi mukamaliza mabuku khumi, ndipo muzilemba manambala awiriwo, mawu achilendo ndi mphindi, mkati mwa chikuto chake pamodzi ndi tsiku limene mwayesa.